Chithunzi chimodzi cha pamphambano chingakuyankhireni mafunso ambiri a pulovizhono

[Wofotokoza wakhala patebulo. Pali foni, kope ndi zitsekerero zitatu za mabotolo.]

Muli bwanji abale athu a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Harare yense? Ngati mukukonzekera mayeso a pulovizhono, ija laisensi ya wophunzira kuyendetsa galimoto, ndikudziwa kuti foni yanu yadzaza ndi zithunzi za mafunso. Zina munatumiziridwa pa WhatsApp, zina munajambula nokha m'kabuku ka mnzanu. Ambiri amangozipyoza ali mu kombi n'kumaloweza kuti "ili yankho ndi C, ili ndi B". Akakafika ku VID, ofesi ya boma yolembetsa mayesowa, ku Eastlea amapeza mphambano yomweyo koma zilembo zasinthana malo, basi mutu wabalalika.

Mayesowa ali ndi mafunso 25 ndipo nthawi yake ndi mphindi 8. Mukagawa, funso lililonse lili ndi masekondi osakwana 20. Nthawi yokumbukira kuti chithunzichi munachiona kuti palibe. Chimene chimakupulumutsani ndi lamulo limene linabala yankho lija, ndiye lero titenga chithunzi chimodzi chokha n'kuchifinya mpaka lamulolo lituluke.

[Pa sikirini: mphambano ya misewu iwiri, yopanda maloboti kapena chikwangwani. Galimoto A ili m'munsi, B ikuchokera kumanja kwa chithunzi, C ikuchokera kumtunda. Zonse zikupita molunjika.]

Funso likuti, ndi galimoto iti iyambe kudutsa? Musanayankhe, phimbani ndi chala pamene wina anachonga yankho. Diso likangoona kachizindikiro kaja, mtima umavomereza msanga kuti "inenso ndikanatero", chonsecho simunaganize n'komwe.

Kuno ku Zimbabwe timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo pamphambano yopanda chowongolera chilichonse umadikira galimoto yochokera kudzanja lako lamanja. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, chifukwa amayang'ana kumanja kwa iwo eni ogwira foni, osati kumanja kwa dalaivala amene ali m'galimotomo.

Tiyeni tilowe m'galimoto iliyonse. Dalaivala wa A wayang'ana kumtunda kwa chithunzi, ndipo kumanja kwake kuli B. Ndiye A adikira. Tsopano tembenuzani foni kuti B akhale ngati akuchoka pamimba panu kupita kutsogolo. Ngati chithunzi chikuzungulira chokha, yambani mwatseka kozungulirako. Mwaona? Kumanja kwa B kuli C, choncho nayenso B adikira. Tembenuzaninso mulowe mwa C. Kumanja kwake kuli msewu wopanda kanthu. Ndiye C ayamba, B atsatira, A amaliza.

[Wofotokoza atsegula kope.]

Mwakhoza, koma musathamangire chithunzi china. Yankho lolondola ndi loopsa kuposa lolakwika, chifukwa lolakwika limakukakamizani kubwerera, pomwe lolondola mumalidutsa mukumwetulira ngakhale munangolasa mwamwayi. Pa mayankho atatu osankhapo, munthu wosadziwa kanthu amalasabe limodzi mwa atatu alionse.

M'kopemo musalembe kuti "chithunzi 14, yankho C". Zimenezo zimafera pa chithunzi chomwecho. Lembani lamulo m'mawu anuanu, mwachitsanzo: "Popanda chikwangwani, woyamba ndi amene kumanja kwake kulibe galimoto." Pansi pake lembani chimene munaona pachithunzi chokuuzani kuti lamulo ndi limeneli, ndicho kuti panalibe maloboti, chikwangwani, kapena mzere wopingasa kutsogolo kwa galimoto iliyonse.

Kenako dzifunseni funso limene ine ndimaliona kuti ndilo phunziro lenileni: kodi pachithunzipa patasintha chiyani kuti yankho lisinthe?

[Wofotokoza ajambula mtanda papepala n'kuikapo zitsekerero.]

Zitsekerero izi ndiwo magalimoto athu. Ndikujambula chikwangwani cha makona atatu choloza pansi, chija chokuuza kuti upereke mpata, kutsogolo kwa C komanso kwa A. Kumanja kwa C kukadali kopanda kanthu, koma tsopano zimenezo zilibe ntchito. Chikwangwani chimaposa lamulo la kumanja. Msewu wa B ndiye waukulu, choncho B adutsa, ndipo A ndi C atsatira limodzi popeza njira zawo sizikupingasana. Yankho lachoka pa C lapita pa B, magalimoto ali pomwepo.

Ndichotse zikwangwanizo, ndichotsenso B. Atsala A ndi C oyang'anizana, koma tsopano C akufuna kukhotera kumanja kwake. Kuti atero ayenera kudula njira ya A. Wokhotera kumanja amadikira amene akubwera kutsogolo kwake molunjika, ndiye A ayamba. Taonani, C yemweyo anali woyamba, tsopano ndi womaliza. Pa chithunzi chimodzi tapezapo malamulo atatu ndi dongosolo lowafunsira: kodi pali chowongolera? Ngati palibe, kumanja kwa ndani kuli kopanda kanthu? Nanga alipo amene akukhota modula mnzake? Wapolisi akaima pakati pa mphambano n'kumalozera ndi manja, zonsezi zimagonjera iye, ngakhale maloboti amene.

Tsopano za zithunzi zenizenizo, poti si zonse zimene zili zabwino. Chithunzi chikadutsa m'mafoni ambiri chimafika chitazimiririka, ndipo kamuvi kosonyeza kokhotera kamaoneka ngati kadontho. China wojambula anadula m'mphepete, chikwangwani chinatsala kunja. Mukaona yankho lochongedwa likutsutsana ndi lamulo lanu, yang'anani kaye pamsewu pachithunzipo. Ngati kutsogolo kwa galimoto ina kuli mzere wopingasa msewu, dziwani kuti pamenepo panali chikwangwani chimene simukuchiona. Yang'ananinso mbali imene magalimoto akuyenda. Akakhala kumanja kwa msewu, ndiye kuti funsolo ndi la dziko lina, kapena kamera yakutsogolo inatembenuza chithunzi ngati kalilole, ndipo zikatero zilembo zimaoneka chagada. Choterocho fufutani.

Nthawi zinanso wochonga uja anangolakwa. Ndi munthu ngati inu, mwina nayenso anali kuphunzira. Woweruza mlandu wake ndi buku la Highway Code, osati kuchuluka kwa anthu a pagulu amene akuti "ndi B". Mukalipeza lamulolo m'bukumo, lembani nambala ya tsamba pambali pa mawu anu aja, kuti tsiku lina mkangano ukabuka musafufuzenso.

Zithunzi zanu zisanjeni potsata lamulo, osati tsiku limene zinafika. Za kumanja pamodzi, za zikwangwani pamodzi, za okhota pamodzi. Mudzadabwa kuona kuti mulu wonse uja wa mphambano ukungozungulira pa timalamulo tochepa. Pakapita masiku awiri kapena atatu, musatsegule chithunzi chija. Tengani zitsekerero, muuze mng'ono wanu kapena achemwali anu aziike mmene afunira, inu muyankhe asanamalize kuwerenga mpaka 20, ndipo munene chifukwa chake mokweza.

[Wofotokoza aikanso zitsekerero: A m'munsi, B kumanja, D kumanzere. Kumtunda kulibe kanthu.]

Yesani iyi. Palibe chikwangwani, zonse zikupita molunjika. Imitsani vidiyoyi, mulowe m'galimoto iliyonse.

[Kaye chete pang'ono.]

Kumanja kwa D kuli A, kumanja kwa A kuli B, kumanja kwa B kulibe kanthu. Ndiye B, kenako A, kenako D. Ngati munayamba ndi D, munagwiritsa ntchito kumanja kwa munthu woimirira kumtunda kwa pepala. Tembenuzani pepalalo kuti D achoke pamimba panu, muonenso amene ali kudzanja lake lamanja.