Kasitomala Akati "Anandichotsa Ntchito Mopanda Chilungamo", Mufunse Chiyani?

Muli m'kiliniki ya zamalamulo, momwe ophunzira amathandiza anthu moyang'aniridwa ndi loya, ndipo mayi wina wakhala pansi n'kunena kuti, "Anandichotsa ntchito mopanda chilungamo." Mawu amenewa ndi maganizo awo pa zomwe zinachitika, koma zochitikazo simunazimve, ndipo khoti limagamula potengera zochitika zomwe zili ndi umboni.

Musanalowe m'nkhani, funsani dzina la owalemba ntchito kuti mutsimikize kuti kiliniki siikuthandiza kale mbali inayo. Afotokozereninso kuti zomwe anene zisungidwa mwachinsinsi, ndiponso kuti inu ndinu wophunzira, choncho uphungu udzabwera loya akaona nkhaniyo.

Kenaka nenani kuti, "Mayi, tandifotokozerani momwe zinayambira," ndipo musawadule. Akakhala chete, dikirani, chifukwa nthawi zambiri mfundo yomwe munthu akuchita nayo manyazi, monga chenjezo lomwe analandirapo kuntchito, imatuluka pambuyo pa kachetechete ameneyo. Ndi bwino kuimva lero kusiyana ndi kudzaimvera kwa loya wa mbali inayo.

Akamaliza, bwererani poyambira ndi mafunso olunjika. Anakuuzani ndani? Pakamwa kapena pakalata? Panali ndani? Munapatsidwa mwayi woyankhapo? Pewani funso lowaika mawu m'kamwa, monga lakuti, "Sanakupatseni mwayi, eti?" popeza munthu wosweka mtima amangovomera. Apa mayi aja akuti bwana anawauza pakamwa, kalata inabwera patapita masiku, ndipo zoti malo awo anapatsa m'bale wa bwanayo anazimva kwa mnzawo.

Tsiku ndilo muyenera kulilimbikira kwambiri. Malamulo amaika malire a nthawi yokasumira, ndipo nthawiyo ikadutsa, mlandu wabwino ukhoza kukanidwa usanamvedwe n'komwe. Akati "mwezi watha", musalembe choncho. Pemphani kalatayo, onani mauthenga a pafoni, kapena funsani ngati anali atalandira kale malipiro a mweziwo.

Lembani lipoti la m'fayilo tsiku lomwelo, moti loya yemwe sanaonane ndi mayiwo athe kulitsatira. Pamwamba ikani tsiku la kukumana, dzina lanu ndi onse omwe analipo, ndipo nkhaniyo muisanje motsatira nthawi, mukuonetsa komwe mfundo iliyonse yachokera.

(Pakanema paoneke chitsanzo ichi.)

"Kasitomala akuti anauzidwa pakamwa pa 3 Malichi. Kalata, yomwe ndaiona ndi kuijambula, ndi ya pa 10 Malichi. Za m'bale wa bwana anazimva kwa mnzake, sanazione yekha."

Masiku awiriwo musasankhepo limodzi nokha. Alembeni onse, ndipo mudziwitse loya msanga, chifukwa ndiye adzaone tsiku loyambira kuwerenga nthawi. Maganizo anu akhale m'ndime yakeyake, kenaka mulembe zikalata zomwe mayiwo adzabweretse, zomwe inu mwalonjeza kuchita, ndi tsiku lomwe mudzawayankhe.