Linki ikutsegula burawuza m'malo mwa apu: onani chidindo kaye

Eya, abale, mwaswera bwanji. Ndiyankhe funso la achimwene a ku Ulongwe lija, la apu ya alimi a mbatatesi. Akuti akatumiza linki ya oda pa WhatsApp, mlimi akaidina, ikumutengera ku Chrome, pamene iwo akufuna kuti itsegule tsamba la oda yomweyo mkati mwa apu. Ndikunena za Android yokha, chifukwa ndi mafoni amene alimi athu ali nawo kuyambira ku Angonia mpaka ku Furancungo.

Choyamba, linkiyo iyambe ndi https. Zija zodzipangira nokha, monga mbatatesi://oda/482, zimagwira mukamayesa pa kompyuta, koma mu uthenga kawirikawiri zimangooneka ngati mawu wamba, sizidinika. Ndiye ikhale ngati iyi: https://example.com/oda/482. Mu AndroidManifest.xml, mkati mwa activity imene itsegule odayo, muike izi, ndazilembanso m'gulumu:

```xml
<intent-filter android:autoVerify="true">
  <action android:name="android.intent.action.VIEW"/>
  <category android:name="android.intent.category.DEFAULT"/>
  <category android:name="android.intent.category.BROWSABLE"/>
  <data android:scheme="https" android:host="example.com"
        android:pathPrefix="/oda"/>
</intent-filter>
```

Pamenepo ndi pophweka, sindichedwapo. Pamene anthu amagwa ndi apa. Foni siingakhulupirire apu yanu chifukwa choti yanena kuti tsamba ili ndi langa, ayi. Apu ikangoikidwa, foni imakafunsa ku seva ngati mwini tsambalo akuivomereza. Yankho limakhala m'kafayilo kotchedwa assetlinks.json, ndipo kayenera kupezeka pa https://example.com/.well-known/assetlinks.json, penapake ayi. M'kafayilomo muli dzina la phukusi la apu ndi chidindo cha kiyi imene inasainira apuyo, chija cha SHA-256.

Tsono chidindocho... dikirani, ndibwerere pang'ono, chifukwa ndikudziwa ena mwasokonezeka kale. Makiyi alipo atatu. Pali ya poyesera, imene Android Studio imaika yokha mukamayendetsa apu ndi chingwe. Pali imene mumasainira potumiza apu ku Play Store. Ndiye pali yachitatu, imene Google amasainiranso apu yanu isanafike pa foni ya mlimi, ngati muli pa Play App Signing. Mlimi wa ku Tsangano akatsitsa apu ku Play Store, chidindo chili pa foni yake ndi chachitatuchi. Chachitatu, osati chachiwiri. Mu Play Console mupeza zidindo ziwiri zitandandalikidwa pamodzi, App signing key certificate ndi Upload key certificate. Mutenge choyambacho. Ngati mukufuna kuti zigwirenso pa foni yanu yoyesera, ikani zonse, kafayiloko kamalola zidindo zingapo.

Alipo anyamata ena anauzidwa zimenezi, iwo n'kumati ife tayesa kale, zikugwira. Inde zinkagwira, pa foni imodzi yokha, ya amene anapanga apuyo. Atatumiza mauthenga kwa alimi onse nyengo yokolola, aliyense akumagwera pa tsamba la burawuza lomufunsa pasiwedi imene sanakhale nayo n'komwe, mamega a Movitel akungothera pomwepo. Ndipo n'zopweteka, chifukwa mlimi akakhumudwa kamodzi sadinanso.

Mudziwenso kuti kale, foni ikalephera kutsimikiza, inkafunsa munthu kuti nditsegule ndi chiyani. Kuyambira pa Android 12, ya mu 2021, siifunsanso, imangopita ku burawuza mwakachetechete. Nchifukwa chake wina wa foni yakale amati zikugwirako, wa foni yatsopano akuti ayi.

China, seva isamakhotetse njira. Ngati example.com imakankhira anthu ku www.example.com, kafayilo kaja sikawerengedwa, chifukwa foni siitsatira zokhotakhota potsimikiza. Kayankhe pomwepo, ndi 200, ndipo mtundu wake ukhale application/json. Ndipo wokhala ndi www ndi wopanda www, kwa foni ndi malo awiri osiyana. Amene muli kutumiza mu uthenga ndi amene akhale mu manifesti, komanso akhale ndi kafayilo kake.

Musamangoganizira, ifunseni foniyo. Pa foni ya Android 12 kapena yatsopano kuposa apo, lumikizani chingwe mulembe:

```
adb shell pm verify-app-links --re-verify com.example.mbatatesi
adb shell pm get-app-links com.example.mbatatesi
```

Pakati pa awiriwa mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri, foni ili pa intaneti. Mukaona verified pambali pa dzina la tsamba lanu, zatheka. Mukaona none, mwina sinamalize, dikiraninso. Mukaona nambala ngati 1024, yalephera, bwererani ku chidindo ndi ku seva. Chidindo kaye, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo.

O, ndatsala pang'ono kuiwala. Apu ikatseguka koma n'kuima pa tsamba loyamba, linki ilibe mlandu, vuto lili mkati. Mwina apu inali yotsegula kale, ndiye linki yafikira ku onNewIntent pamene inu mukuiwerenga mu onCreate mokha. Kapena mlimi anali asanalowe mu akaunti, mwamutumiza kukalemba pasiwedi, 482 uja n'kutayika panjira. Musunge nambalayo kaye, akalowa mumupititse ku oda yake. Ndipo seva ione ngati oda 482 ndi yakedi, chifukwa linki pa WhatsApp imayenda, mawa ili m'gulu la mpingo.

Achimwene, yesani malamulo awiri aja pa apu yotsitsa ku Play Store, osati ya chingwe, munditumizire chithunzi cha zimene zatuluka.