Makalata a Omvera: Kachasu wochititsa khungu

"Achimwene anga anamwa kachasu Loweruka madzulo. Lamulungu ankangoti ndi matsire, koma pofika Lolemba m'mawa ankati akuona chifunga chokhachokha, ndipo lero saona. Kachasu takhala tikumudziwa kuyambira kale, nanga wamasiku anoyu muli chiyani?" Kalatayi yachokera kwa mayi wina wa ku Bangwe.

Pepani kwambiri mayi. Kalata yanuyi yandikhudza, ndipo sabata ino makalata anayi akudandaula nkhani yomweyi, choncho ndikhalitsapo.

Zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi poizoni wotchedwa methanolo. Chimene chimaledzeretsa mu mowa uliwonse ndi ethanolo. Methanolo ndi m'bale wake, ndipo awiriwa sungawasiyanitse ndi maso, mphuno kapena lilime: onse ndi oyera ngati madzi, fungo lofanana, ukali pakhosi wofanana. Koma methanolo wokwana mamililita 10, kutanthauza masupuni awiri aang'ono a tiyi, atha kuchititsa munthu khungu, ndipo mamililita 30 atha kumupha. Tiyerekeze kuti mowa wina, gawo limodzi mwa magawo khumi ndi methanolo. Kabotolo kamodzi ka mamililita 300, kangati ka zakumwa zoziziritsa kukhosi kaja, kali kale ndi mamililita 30. Botolo limodzi basi, ndipo tonse tikudziwa kuti pamowa palibe amaima pa limodzi.

Nanga amalowamo bwanji? Njira yoyamba ndi yachilengedwe. Mu zipatso, makamaka m'makoko ndi m'minofu yake, muli kanthu konanda kotchedwa pekitini, komwe kamalimbitsa jamu. Zipatso zikamasasa mu diramu, pekitini amasweka ndi kutulutsa methanolo. N'chifukwa chake kachasu wa masawu, masuku kapena mango amakhala naye wochuluka kuposa wa madeya ndi shuga. Komabe wobwera mwa njira imeneyi amakhala wochepa, ndipo sikawirikawiri kuti pa yekha agwetse anthu ambiri tsiku limodzi.

Njira yachiwiri ndiyo yodzaza manda, ndipo ndi ya dyera. Methanolo amapangidwa m'mafakitale ngati mankhwala osungunulira zinthu ndi mafuta oyatsira, amapezekanso mu sipiliti wofiirira uja wa m'masitolo. Ndi wotchipa. Wogulitsa wina amagula jigubu imodzi ya kachasu, kuthiramo madzi kuti zikhale ziwiri, kenako poona kuti mowa wazizira, amathiramo sipiliti wa m'fakitale kuti ukali ubwerere. Womwa amati, "Koma lero ndiye wamutu weniweni!" osadziwa chimene wameza. Zoterezi zinachitika ku Kabale m'dziko la Uganda mu 2010, kumene anthu pafupifupi 80 anamwalira atamwa kachasu wakumeneko wotchedwa waragi, wosakanizidwa ndi methanolo. Inu ogulitsa amene mukuchita zimenezi, ndalama ya jigubu imodziyo ndi yokwana kugula maso a mwana wa mnzanu? Makasitomala anuwo ndi anansi anu, maliro ake mudzakhala nawo nokha pa siwa.

Tsopano mayi, mvetsani chifukwa chake achimwene anu Lamulungu ankaoneka ngati ali bwino. Methanolo akangolowa m'thupi sapweteka nthawi yomweyo, amangoledzeretsa pang'ono. Chimene chimamusandutsa poizoni ndi chiwindi. Chiwindi chimamuphwanya kukhala fomalidehaidi, mankhwala aja osungira mitembo, kenako kukhala asidi wa fomiki. Asidiyu thupi limachedwa kumuchotsa, ndiye amaunjikana m'magazi ndi kulepheretsa maselo kugwiritsa ntchito mpweya umene timapuma. Mtsempha wotenga zithunzi kuchokera m'diso kupita ku ubongo umafuna mphamvu zambiri, choncho ndi umodzi mwa malo oyamba kuvulala. Ntchito yonseyi imatenga maola 12 mpaka 24, ndipo ngati munthu wamwanso mowa wamba wambiri, itha kutenga masiku awiri kapena atatu, chifukwa chiwindi chimayamba chathana ndi ethanolo kaye.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amatayira nthawi. Matsire enieni amapepuka dzuwa likamakwera: munthu akamwa madzi, kudya phala, pofika masana wayamba kufunsa za ndiwo. Methanolo amachita zosiyana, munthu amankira kuipiraipira. Mutu umawawa kwambiri, amasanza, m'mimba mumapota. Amayamba kupuma mofulumira ndi mozama ngati wathamanga mtunda wautali pamene wangogona pamphasa, chifukwa thupi likulimbana ndi asidi uja. Kenako maso: amaona chifunga, timadontho tong'anima, kuwala kumamupweteka, ndipo kamwanadiso kamakula osachepa ngakhale muunike ndi tochi. Mukaona chimodzi mwa izi kwa munthu amene anamwa dzulo kapena dzana, thamangani naye kuchipatala, musadikire kuti kuche. Nenani mosabisa chimene anamwa, nthawi yake ndi kuchuluka kwake. Tengani botolo lotsala. Ndipo itanani onse amene anamwa naye, ngakhale amene akuti ali bwinobwino, chifukwa mwina nthawi yawo sinakwane chabe.

Kuchipatala mankhwala alipo. Madokotala amapereka fomepizolo, kapena ethanolo woyezedwa bwino, kuti chiwindi chitanganidwe ndi kuleka kuphwanya methanolo. Amapereka bayikaboneti kudzera mu diripi kuti achepetse asidi m'magazi, ndipo zikavuta amasefa magazi pa makina a dayalisisi, monga aja a pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma mtsempha wa diso ukafa suphukanso, n'chifukwa chake maola oyambawo ndi amtengo wapatali. Ndikuona kale abambo ena akumwetulira kuti, "Wanena yekha pa wailesi kuti mowa ndi mankhwala!" Ayi bambo, khalani pansi. Botolo limene mungamupatse kunyumbalo litha kukhala la jigubu yomweyo. Mayi, achimwene anuwo apitebe kwa dokotala wa maso akawaunike, ndipo nkhaniyi mukaitule kupolisi ndi kwa azaumoyo mowawo usanavulaze ena.

Mayi wina wotcheza kachasu ku Chikwawa walemba kuti, "Ine mutu woyamba ndimataya, kodi si ndiye kuti wanga ndi wabwino?" Mayi, kutayako pitirizani, mumachotsa zoipa zina zopweteketsa mutu. Ndi zoona kuti methanolo amawira pa madigiri 65 pamene ethanolo amawira pa 78. Koma mumphika mwanumo ziwirizi zasakanikirana ndi madzi, ndipo methanolo amakonda kukakamira madzi, choncho amadontha ku paipi kuyambira botolo loyamba mpaka lomaliza. Mphika ndi paipi sizingamulekanitse. Chimene chili m'manja mwanu ndi kusathiramo china chilichonse chogula m'zigubu zosadziwika, komanso kudziwa amene akukugulani ambiri kuti akagulitsenso.

Mnyamata wa ku Area 25 akufunsa ngati kuyatsa mowa ndi machesi kumaonetsa poizoni. Ayi mphwanga, onse awiri amayaka, ndipo mtundu wa lawi sungakuuze kanthu.

Bambo wa ku Mwanza akuti, "Kodi a ku Chitima aja anafanso ndi methanolo?" Ayi bambo. Anthu 75 amene anamwalira kumeneko m'chigawo cha Tete ku Mozambique mu Januwale 2015 anamwa mowa wamasese wa pamaliro, ndipo ofufuza anapeza kuti munali poizoni wopangidwa ndi tizilombo ta bakiteriya timene tinamera mu ufa wa chimanga wowonongeka ndi madzi.

Agogo a ku Ntcheu akufunsa ngati mkaka ndi mazira aawisi zingathandize amene wamwa poizoniyu. Ayi agogo, mkaka ndi mazira aawisi sizichotsa methanolo m'magazi. Mkakawo mwetsani adzukulu, wodwalayo mupezereni kabaza kapena galimoto.