Makalata a Omvera: Ndakatulo ya pa Tsiku la Mtsikana

"Zikomo akuwayilesi. Ine ndine mphunzitsi wamkazi wa kupulayimale. Pa 11 Okutobala tili ndi mwambo wolimbikitsa makolo kuti atsikana asasiye sukulu, ndipo andisankha kuti ndilembe ndakatulo. Ndikufuna ikhale yopatsa chiyembekezo koma yosanyengerera. Ndayamba motere: 'Atsikana inu lekani chibwana, lekani kuthamangira amuna, maphunziro ndi chuma, mudzazindikira mochedwa.' Pamenepa ndaima, mawu akukana kubwera. Ndithandizeni."

Zikomo kwambiri aphunzitsi polemba. Tsiku mwatchulalo ndi Tsiku la Mtsikana pa Dziko Lonse, limene bungwe la mgwirizano wa maiko onse lidakhazikitsa mu 2011, ndipo lidakumbukiridwa koyamba mu 2012. Kalata yanu yandikhudza kotero kuti ndiitayira nthawi yambiri ya pulogalamu yathu lero.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa chimene chaimitsa cholembera chanu. Ndime yanuyo ikulankhula kwa munthu amene alibe mphamvu pa nkhaniyi. Taganizirani, aphunzitsi, za atsikana amene anasiya m'kalasi mwanu chaka chathachi. Ndi angati amene anadzuka okha n'kunena kuti basi, sukulu yakwana? Kawirikawiri pamakhala wamkulu amene anati lero usapite, ulere mng'ono wako. Pamakhala wamkulu amene anabwera kudzafunsira mbeta mwana wa zaka 14, ndi wamkulu wina amene anavomera. Ndakatulo ikaloza chala mtsikana, akuluakulu onsewa amaomba m'manja mosangalala chifukwa palibe chawakhudza, ndipo amabwerera kwawo monga anabwerera. Choyamba tsono, tembenuzani nkhope ya ndakatuloyo. Iyang'ane makolo ndi onse amene mawu awo amamveka pakhomo.

Palinso china chimene ndikupemphani kuti musachiiwale. Pagulu limenelo padzakhala mtsikana wobereka mwana kumsana, mwina amene munkamuphunzitsa inu nomwe. Akamva mzere woti "mudzazindikira mochedwa", kwa iye ndiye kuti chitseko chatsekedwa, ndipo anthu adzatembenuka kumuyang'ana. Ine sindingafune kuti mwana ameneyo achoke pamwambo wanu atawerama. Muikireni ndime yakeyake yomuitana.

Ndakhala pansi usiku wathawu ndi kuyesa kulemba. M'malo mwa "atsikana" onse ndatenga mtsikana mmodzi wopanda dzina, ndipo ndatenga chinthu chimene inu mumachita m'mawa uliwonse, kuitana mayina m'kaundula. Tamverani.

Dzina Lake Lili M'kaundula

M'mawa uno aphunzitsi aitana mayina,
afika pa lake, m'kalasi muli zii.
Aitananso kachiwiri, ayang'ana kukhomo,
malo ake alipo, mwini wake palibe.
Msiyeni amalize!

Sanadwale, sanatope, sanakane sukulu.
Ali ndi khanda kumsana, khanda la amayi ake,
ali ndi ndowa pamutu, dzuwa lakwera kale,
mchimwene wake wapita, iye wauzidwa "mawa".
Msiyeni amalize!

Mwezi uliwonse masiku ena amabisala,
akuopa kusekedwa, akusowa chodzisamalira.
Thupi lake lakula, umenewo si mlandu.
Mpatseni madzi ndi sopo, ndi chimbudzi chotseka.
Msiyeni amalize!

Inu bambo mwabwera ndi mawu a ukwati,
bwererani nawo, pakhomo pano pali mwana.
Chimene mwanyamulacho chidzatha chaka chino,
chimene akunyamula m'mutu adzakalamba nacho.
Msiyeni amalize!

Ndipo iwe wabereka nthawi isanakwane,
dzina lako lilipo, palibe walifufuta.
Bweretsa mwanayo kuno, timunyamule m'mawa,
iwe tenga kope lako, ukayambire pomwe unasiyira.
Msiyeni amalize!

Mawa aphunzitsi adzaitananso mayina,
adzafika pa lake, ife tidzatchera khutu.
Kuchokera pamalo paja padzamveka "Ndilipo!"
Ife amene tili pano ndife tidzamuperekeze.
Msiyeni amalize!

Imeneyo ndi yanu tsopano. Isintheni mmene mukufunira, koma ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake ndaiumba chonchi, kuti posinthapo musagwetse mzati.

Mzere womaliza wa ndime iliyonse si wa mlakatuli, ndi wa gulu. Musanayambe, auzeni anthu kuti mukakweza dzanja onse anene "Msiyeni amalize", ndipo muyeserere nawo kawiri mpaka amveke bwino. Ndasankha mawu awiri okha kuti ngakhale agogo okhala kumbuyo awagwire pakumva kamodzi. Kulimba kwa ndakatuloyi kuli pamenepo. Inu simukukalipira aliyense, koma bambo amene anali ndi maganizo okwatitsa mwana wake adzakhala atanena ndi pakamwa pake kasanu ndi kamodzi, anansi ake akumva. Munthu amavutika kutsutsa mawa chimene wanena yekha pagulu lero.

Mwaonanso kuti sindinanene paliponse kuti maphunziro ndi chuma. Mawuwo ndi oona, koma makutu anawazolowera kotero kuti amangodutsa. Ndaika m'malo mwake zinthu zooneka ndi maso: khanda, ndowa, sopo, kope. Ndime ya ndowa ili ndi mzere umene ndimaukonda kuposa yonse, wa mchimwene amene wapita pamene mlongo wake wauzidwa "mawa". Simufunika kufotokoza kuti pakhomopo pali kukondera, mayi aliyense pagulupo adzadziwa yekha. Mukafika pa "mawa", imani pang'ono musanakweze dzanja.

Ndime ya masiku a pamwezi ena adzakuuzani kuti muichotse chifukwa pali amuna. Ine ndikuti isiyeni. Ndalemba mwaulemu, palibe liwu lochititsa manyazi, ndipo ndi ndime yokhayo imene ikupempha chinthu choti komiti ya sukulu ingathe kuchita sabata yamawa, kuika chitseko ndi chokowera pachimbudzi cha atsikana ndi ndowa ya madzi pafupi. Mtsikana amene amajomba masiku atatu mwezi uliwonse amakhala atataya masabata angapo chaka chikamatha. Akalephera mayeso n'kubwereza kalasi, amapezeka wamkulu pakati pa tiana, ndipo manyazi amenewo ndi amene amamalizitsa zonse. Ngati tikhala chete pa chiyambi cha njira imeneyi, tidzangolira pa mapeto ake.

Za kamvekedwe. M'chinenero chathu mawu amathera ndi lembo la liwu, choncho kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta, ndipo alakatuli ambiri oyamba kumene amagwera m'mbuna imeneyi. Amasankha liwu chifukwa likuthera ndi "-na" ngati la pamwamba pake, ngakhale silikunena kanthu. Ine ndadalira kubwereza, monga "sanadwale, sanatope, sanakane" ndi "ali ndi khanda, ali ndi ndowa". Mizere yambiri ndaidula pakati kuti mlakatuli apeze popumira. Mukasintha mzere, uwerengeni mokweza mutaimirira. Mpweya ukakutherani musanafike kumapeto, mzerewo watalika, uduleni. Ndakatulo yonse ili ndi mizere 30, ndipo mukailakatula mosathamanga, gulu likuyankha, itenga mphindi ngati zitatu. Musaonjezere ndime zambiri. Anthu okhala padzuwa, atamva kale zolankhula za alendo olemekezeka, sadzakutsatirani mpaka mphindi khumi.

Chiyembekezo ndachisunga mpaka ndime yomaliza, ndipo ndachimanga pa chinthu chaching'ono, liwu loti "Ndilipo". Sindinalonjeze kuti mwanayo adzakhala dokotala. Kholo limene likuvutika limadziwa kuti si onse adzafike kumeneko, ndipo mukalilonjeza zakutali limasiya kukukhulupirirani. Koma kuti mwana akhale m'kalasi mawa m'mawa, chimenecho lingathe. Ngati n'kotheka, bisani mtsikana mmodzi pakati pa gulu, ndipo mukafika pamzerewo muime, iye aimirire n'kufuula yekha kuti "Ndilipo!" Muyeserere naye kangapo kuti asachedwe kapena kufulumira.

Ndili ndi kalata ina yaifupi imene ikugwirizana ndi yoyambayi, yochokera kwa bambo wina.

"Ine ndili ndi ana aakazi atatu. Ndimapita ku miyambo imeneyi, koma ndakatulo zake zimatinyoza ife abambo ngati tonse timagulitsa ana. Wanga wamkulu anakhala pakhomo teremu yathunthu chifukwa ndinadwala ndipo ndinalibe chomugulira zofunika. Kodi alakatuli amadziwa zimenezi?"

Pepani bambo, ndipo zikomo kuti simunangokhala nazo mumtima. Mukunena zoona, ndipo aphunzitsi amene atilembera aja ndikhulupirira akumva. Mukaimvetsera bwino ndakatulo ndawerengayi, mawu olimba akupita kwa munthu mmodzi yekha, wobwera kudzafunsira mwana. Kwa iyeyo sindifewetsa liwu. Koma ndikuvomera kuti ndinalibe ndime ya kholo longa inu, limene mtima ulipo koma m'manja mulibe. Ndayesa kuilemba pamene ndimawerenga kalata yanu:

Inu bambo mwadwala, m'thumba mwanu mwauma,
musabise pakhomo, bwerani mutiuze.
Kope limodzi sililemera tikaligwira tonse,
teremu imodzi yapita, chaka sichinapite.
Msiyeni amalize!

Aphunzitsi, iikeni pakati pa ndime ya ukwati ndi ya mtsikana wobereka. Ndakatulo idzatalika ndi theka la mphindi, palibe vuto. Koma musanailakatule, mukambirane ndi aphunzitsi aakulu ndi komiti kuti kholo likabweradi Lolemba kudzanena vuto lake, likapeze munthu wolilandira, chifukwa mzere woti "bwerani mutiuze" ndi lonjezo limene mwapanga pamaso pa anthu.

Ndipo inu bambo, simunatiuze ngati mwana wanu wamkuluyo anabwerera. Ngati akadali pakhomo, pitani naye nokha kwa aphunzitsi aakulu sabata ino, mukafunse kalasi imene angayambirenso ndi zimene anzake aphunzira iye kulibe. Mutilemberenso mutiuze mmene mwayendera, ndidzawerenga kalata yanu pompano.