Kuyankhula kapena kulankhula? Timabokosi ndi tomwe tiweruze

[Wofotokoza wakhala m'mbali mwa Shire pa Mangochi Boma, mlatho wa Bakili Muluzi ukuoneka kumbuyo. Pamiyendo pali pepala la kolosiwedi ndi pensulo.]

Muli bwanji nonse? Lero tili pa kolosiwedi, masewera aja odzaza mawu m'timabokosi. Ambiri mukakakamira mumati simudziwa mawu okwanira. Ine ndikuti mawu mumawadziwa, koma mumathamangira kulemba oyamba kubwera m'mutu musanawerenge timabokosi.

[Kamera pa pepala: Bwato (7)]

Funso ndi ili. Akufuna mawu ena otanthauza bwato, ndipo nambala ija ikunena kuti zilembo zikhale 7. Musalembe kanthu m'timabokosi. Pitani m'mphepete mwa pepala, mundandalike onse amene mukuwadziwa. Ife a kuno tili nawo ambiri: boti, chombo, ngalawa. Tsopano werengani ndi nsonga ya pensulo. Boti, 4. Chombo, 6. Ngalawa, 7. Ndi ameneyo.

Muziwerenga zilembo, osati mmene mawu akumvekera. Pa chombo, ch amatuluka pakamwa kamodzi koma amadya timabokosi tiwiri. Nkh amadya titatu. Kachizindikiro ka pa ng'ombe sikalandira bokosi, choncho ng'ombe ndi 6.

Funso likadakhala Mabwato (5), yankho likadayenera kukhalanso la zambiri: zombo. Yankho limavala zofanana ndi funso. Funso likayamba ndi ku, monga kudya kapena kuyenda, yembekezani kuti yankho liyambanso ndi ku, ndiye kuti timabokosi tiwiri mwapeza ulere.

[Kamera pa pepala: 4 chopingasa. Kunena (10)]

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Ndandanda wathu: kukamba, 7, watuluka. Kufotokoza, tiwerenge, k-u-f-o-t-o-k-o-z-a, 10, walowa. Kuyankhula, 10. Kulankhula, 10. Mwaona? Kutalika kwatisefera, koma atatu atsala m'lichero. Nambala yafika pamapeto a ntchito yake.

Amene atithandize tsopano ndi mawu otsika amene akudutsa mawu athuwa. Pa pepala langali, bokosi lachitatu la mawu opingasa ndi lomwenso lili lachiwiri pa mawu otsika. Nchifukwa chake ndikuyamba ndi limeneli: atatu onse aja amasiyana pomwepa. Wina ali ndi f, wina y, wina l. Bokosi lomaliza silingatiuze kanthu, poti onse akuthera a. Ndipotu mawu a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho chilembo chomaliza chimathandiza pang'ono kwambiri poyerekeza ndi cha pakati.

[Kamera pa pepala: 2 chotsika. Malombe, mwachitsanzo (6)]

Akati "mwachitsanzo", sakufuna mawu ofanana tanthauzo ayi. Akufunsa kuti Malombe ndi chiyani. Wa ku Mangochi sangachedwe: nyanja. N-y-a-n-j-a, 6. Chilembo chachiwiri ndi y.

[Alemba nyanja chotsika, kenako kuyankhula chopingasa.]

Kuyankhula walowa, ndipo talemba tili ndi umboni. Mawu otsikawo akadakhala mlatho, ngati uwo uli kumbuyo kwangawo, chilembo chachiwiri chikadakhala l, yankho nkukhala kulankhula. Funso lomwelo, timabokosi tomweto.

Tsiku lina ndinalemba kulankhula ndi bolopeni chifukwa ndi mmene ndimanenera ine. Mawu otsika anatuluka nlanja. Ndinataya nthawi yaitali ndikufunafuna tanthauzo la chinthu chomwe kulibe. Chizindikiro cha kulakwitsa ndi chimenecho: mukaona zilembo zogundana mwa njira yomwe Chichewa sichilola, monga nl, musalimbane ndi funso latsopanolo. Bwererani ku mawu amene munalemba kale, cholakwa chili kumeneko.

[Kamera pa pepala: Kamba (4)]

Ili ndimalikonda kwambiri. Mukawerenga, m'maso mukubwera kanyama ka chigoba kaja, ndipo mulemba fulu. Zilembo 4, zakwana bwinobwino. Koma kamba ndi kulamulanso munthu kuti ayankhule, ndipo nena nayenso ndi 4. Palinso kamba wa paulendo. Pakamwa mawu ozungulira amatiuza kamba amene akunenedwa, koma pa kolosiwedi mawuwo aima okha. Choncho musanayambe ndandanda, dzifunseni kuti mawuwa ali ndi matanthauzo angati, tanthauzo lililonse likhale ndi mzere wake m'mphepete muja.

Pa pepala langa, bokosi loyamba la funso limeneli likudutsana ndi mawu otsika amene sindinawapeze. Fulu ndi nena ndawasiya kumbali, ndawalemba mopepuka ndi pensulo. Funso lotsikalo likuti Usipa kapena chambo (6), ndipo chilembo chake choyamba ndi chomwe chigwere m'bokosi lathulo. Imitsani vidiyoyi, muwerenge timabokosi, mundiuze kuti kamba wake ndi uti.