Mndandanda wa mafilimu otonthoza anamfedwa: momwe tingasankhire

Zikomo a mfumu, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo nonse. Komiti yathu yoyendera anamfedwa inagwirizana kuti pa fulashi ya gulu pakhale mafilimu angapo oti munthu amene wataya wokondedwa wake azionera mwambo wa maliro ukatha ndipo achibale akabalalika. Ndapemphedwa kuti ndifotokoze momwe mafilimu amenewa tingawasankhire, pakuti filimu yokamba za imfa ikhoza kupepuza mtima, ndipo ina ikhoza kubwezera munthu ku tsiku lomwe lija analandira uthenga.

Ambiri amaganiza kuti filimu yotonthoza ndi imene ilibe chisoni chambiri, koma muyeso umenewu ndi wosocheretsa. Namfedwa angathe kulira kuyambira pakati pa filimu mpaka kumapeto, kenako n'kudya nsima ndi kugona tulo tabwino. Chimene tikupewa ndi kuthedwa nzeru, kumene zizindikiro zake ndi zina: mtima kugunda kwambiri, kubanika, kuuma thupi osatha kulankhula, ndi kusowa tulo chifukwa chithunzi chimodzi chikungobwerabwera m'maso. Mu 1999, akatswiri awiri a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza kuti munthu wolira bwino amasinthasintha pakati pa zinthu ziwiri: nthawi ina amayang'anizana ndi imfayo, nthawi ina amaiika pambali n'kutembenukira ku za moyo, monga kulima, kuphika ndi kuseka ndi ana. Filimu yoyenera mndandanda wathu ndi imene imachita chimodzimodzi. Imalowetsa woonera m'chisoni, kenako imamutulutsa kuti apume, ndipo siimusiya m'katimo pamene ikutha.

Choncho funso loyamba pa filimu iliyonse ndi lakuti imfa ikuchitika pa mphindi iti, ndipo patsala nthawi yaitali bwanji yoti tione otsala akupitiriza moyo. Mu filimu ya zidole ya Up, ya mu 2009, mkazi wa nkhalamba Carl amamwalira m'chigawo choyambirira, ndipo nkhani yonse yotsala ndi ya mwamunayo, mmene akukakamirira nyumba ndi katundu wa malemu, mpaka pamene akuphunzira kusamala za mwana wamoyo amene ali naye pa ulendo. Woonera amamenyedwa msanga, koma amapatsidwa nthawi yoposa ola lathunthu kuti achire. Yerekezani ndi Bridge to Terabithia ya mu 2007, imene imayamba ngati nkhani yosangalatsa ya ana awiri osewera m'nkhalango, ndipo filimu itapita kale patali mtsikanayo amafera mu mtsinje chingwe chimene ankawolokera chitaduka. Ndi filimu yabwino, koma imfayo imabwera mwadzidzidzi, woonera atamuzolowera kale mwanayo, ndipo nthawi yotsala ndi yochepa.

Chitsanzo chomwechi chikutifikitsa pa funso lachiwiri, limene ine ndimaliona kukhala lalikulu kuposa onse: kodi imfa ya mu filimu ikufanana motani ndi imfa imene yagwa pakhomopo? M'dziko muno muli mabanja amene anataya ana m'madzi ndi m'matope pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo kuwaonetsa mwana wofera mu mtsinje n'kuwazunza, ngakhale filimuyo itakhala ndi mathero okoma chotani. Filimu yomweyo kwa munthu amene agogo ake anamwalira ndi ukalamba ikhoza kungomuliza pang'ono basi. N'chifukwa chake mndandanda wa mayina okha ndi wosakwanira. Filimu iliyonse ikhale ndi khadi lake, ndipo pa khadilo payenera kulembedwa amene akumwalira, chimene chikumupha, ndiponso ngati imfayo ikuonetsedwa pamaso kapena ikungonenedwa. Ena adzadandaula kuti tikuulula nkhani isanayambe, koma namfedwa sakufuna kudzidzimutsidwa, ndipo kudziwiratu kumamupatsa mphamvu yosankha yekha.

Tsopano titenge filimu imodzi n'kuiyesa bwinobwino monga mmene komiti idzachitire. Ndasankha ya ku Japan ya mu 2008, yotchedwa Okuribito, imene m'Chingerezi imadziwika kuti Departures, ndipo inapambana mphotho ya Oscar mu 2009. Ndi ya maola awiri ndi mphindi khumi. Nkhani yake ndi ya Daigo, woimba nyimbo ku Tokyo, amene gulu lake litatha anabwerera kwawo ku Yamagata n'kulowa ntchito yosambitsa ndi kuveka mitembo isanaikidwe m'bokosi, abale akuonerera. Kwa ife ntchito imeneyi si yachilendo, chifukwa ndi yofanana ndi imene adzukulu ndi amayi osambitsa maliro amagwira, ndipo monga zimachitikira kunonso, anthu ena mu filimuyi amamusala, mpaka mkazi wake amamuchokera kwa kanthawi.

Tikaiyesa ndi funso loyamba, filimuyi imapambana. Muli maliro ambiri, koma pakati pa maliro ndi maliro pamakhala kudya, nthabwala ndi nyimbo, kotero woonera amapuma. Kamera imakhala nthawi yaitali pa manja a Daigo akupukuta nkhope ya malemu, kukonza tsitsi ndi kulumikiza zala, ndipo imatembenukira kwa abale amene analowa m'chipinda atakwiya kapena atauma mtima, n'kuwaona akusungunuka pamene nkhope yabwerera mwakale. Munthu amene mbale wake anaikidwa mofulumira, monga zinkachitikira pa nthawi ya Kovidi pamene ambiri sanaloledwe kuona nkhope, angapeze mu zithunzi zimenezi ulemu umene iye sanathe kupereka, ngakhale kuti kwa wina zomwezo zingatsegule bala, ndiye tiyenera kumufunsa mwini wake.

Koma pa khadi lake tidzalemba machenjezo atatu. Maliro oyambirira kuonetsedwa ndi a munthu wachinyamata amene anadzipha. Ntchito yoyamba yeniyeni ya Daigo ndi ya mtembo wa mayi wokalamba amene anafera yekha m'nyumba n'kukhala milungu iwiri osapezeka, ndipo ngakhale mtembowo sauonetsa poyera, kunyansidwa kwa Daigo kumaoneka. Kumapeto amakonza thupi la bambo ake omwe anamuthawa ali mwana. Choncho tidzalemba kuti filimuyi ndi ya akuluakulu, ndi yoyenera pakapita miyezi ingapo, si ya banja limene lataya munthu wodzipha kapena wopezeka mochedwa, ndipo kwa amene anasiyana ndi kholo asanayanjane ikhoza kuthandiza kwambiri, koma asaonere yekha. Tiwonjezerenso kuti amalankhula Chijapani ndipo mawu omasulira amalembedwa pansi m'Chingerezi, kotero pafunika wina wofotokozera.

Pa nkhani yomasulirayi ndichenjeze pang'ono. Mafilimu amene anyamata a m'misika amawaikira mawu a Chichewa ndi osavuta kumva, koma omasulirawo amakonda kuthira nthabwala zawo paliponse, ngakhale pa maliro. Ngati mwapeza filimu yotere, ionereni yonse musanaipereke kwa namfedwa.

Pali mafilimu ena otchuka kwambiri pa nkhani ya chisoni amene sitidzawaika n'komwe. Manchester by the Sea ya mu 2016 inalandira mphotho zikuluzikulu, ndipo ochita sewero anaigwira bwino, koma pakati pake timadziwitsidwa kuti ana atatu a mwini nkhani anapsa m'nyumba chifukwa cha moto umene iye anasonkha, timamuona akuyesa kudziwombera ku polisi, ndipo pomaliza amavomereza kuti chisonicho chamukanika. Zimenezi ndi zoona kwa anthu ena, ndipo sindikunena kuti filimuyo ikunama. Koma kholo limene likudziimba kale mlandu kuti linachedwa kupita ndi mwana kuchipatala silidzapezamo potsamira. Kudziimba mlandu kopanda womasula ndi chizindikiro chimene chimachotsa filimu pa mndandanda wathu, kaya inatamandidwa ndi ndani.

Za ana zili ndi mbali yakeyake. Coco ya mu 2017 yakhazikika pa mwambo wa ku Mexico wokumbukira akufa pa 1 ndi 2 Novembala, pamene mabanja amaika zithunzi za makolo awo pamodzi ndi maluwa ndi zakudya. Imathandiza mwana kuona kuti kutchula dzina la agogo omwalira si kulakwa, ndipo imfa ya gogo wa mu filimuyo siionetsedwa, timangoona chithunzi chake chitaikidwa pamodzi ndi za abale ena omwalira chaka chotsatira. Komabe filimuyi imanena kuti wakufa akaiwalika ndi amoyo onse amazimiririka kotheratu, ndipo mwana wamng'ono angatenge zimenezi ngati katundu wake, n'kumaopa kuti akaiwala mawu kapena nkhope ya mayi ake ndiye kuti wawapha kachiwiri. Wamkulu woonera naye ayenera kumuuza kuti kuiwala zina n'kwachibadwa ndipo sikuvulaza malemu. Mabanja ena sagwirizananso ndi zoikira akufa zakudya chifukwa cha chikhulupiriro chawo, kotero khadi linene zimenezi poyera kuti makolo asankhe okha.

Kagwiridwe ka ntchito kakhale kotere. Filimu iliyonse ioneredwe yonse ndi anthu awiri a komiti, ndipo mmodzi mwa iwo akhale woti anafedwapo zaka zapitazo, osati chaka chino. Aonere ali ndi kope, azilemba mphindi imene chinthu cholemera chikuyamba ndi imene chikutha, kuti woyendera namfedwa athe kudumphitsa. Asadalire kanema wachidule wotsatsa filimu, chifukwa otsatsa amabisa imfa mwadala, ndipo asadalirenso zaka zimene zalembedwa pa chikuto, chifukwa zimenezo zimayesa kwambiri zolaula ndi zachiwawa kuposa chisoni. Akamaliza, asagamule tsiku lomwelo, koma adikire kuti aone mmene agonere usiku umenewo. Mafilimu asanu kapena asanu ndi limodzi oyesedwa motere ndi okwanira poyambira, ndipo pakati pawo pakhale imodzi kapena ziwiri zoseketsa zopanda maliro n'komwe, pakuti masiku ena namfedwa amangofuna kupuma.

Popereka filimu, muuzeni namfedwa zimene zili pa khadi, mupatseni iyeyo limoti kapena foni, ndipo mugwirizane kuti akaimitsa palibe amene adzafunse chifukwa. Ndi bwino kuonera masana kapena madzulo kusanade, kuti pakhale nthawi yocheza asanakagone. M'masabata oyambirira ambiri satha kutsatira nkhani yaitali, ndiye musakakamize. Ndipo ngati papita miyezi yoposa isanu ndi umodzi munthu akulepherabe kugwira ntchito zake, sakudya, kapena akulankhula zotsatira malemu, imeneyo si nkhani ya filimu ayi. Mawu ofuna kudzipha asadikire n'komwe miyezi, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Pomaliza, kuseri kwa khadi lililonse tisiye malo oti woyendera alembe mmene filimu inamukhalira amene anaonera, popanda kutchula dzina lake, kungolemba kuti ndi mayi wamasiye, kapena mnyamata wotaya mchimwene wake, ndi nthawi imene yapita chichitikire maliro. Filimu imene yasautsa anthu awiri ichotsedwe kapena khadi lake likonzedwe. Mlembi ali ndi makope pakhomo apo, ndipo amene mukufuna kukhala m'magulu a awiriawiri oonera mulembetse mayina tisanabalalike. Zikomo kwambiri.