Mutu womaliza wa kafukufuku: nenani chimene mwabwera nacho ndi pamene chikulekezera

Zikomo apampando. Zikomo akuluakulu nonse, amayi ndi abambo a m'makomiti a m'madera, ndi inu achimwene ndi achemwali amene mwatsika kuchokera ku yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga muli pakati polemba kafukufuku wanu. Ndiyankhula m'Chichewa poti muno tasakanikirana, ena kwawo ndi ku Karonga, ena ku Ntcheu.

Nkhani yanga ndi ya masamba omaliza a lipoti, kaya ndi kafukufuku wa digiri kapena lipoti limene komiti ikupereka kukhonsolo. Malipoti ambiri amene ndimawerenga amayenda bwino mpaka pafupi ndi kumapeto. Ukafika pa mawu omaliza, umapeza mawu oyamba aja abweranso, angosintha malo. Kumayambiriro munthu analemba kuti madzi ndi ofunika ndipo mabanja ambiri amadalira zitsime. Kumapeto akulemba kuti kafukufukuyu waonetsa kuti madzi ndi ofunika ndipo mabanja ambiri amadalira zitsime. Zimandiwawa, chifukwa munthuyo anayendadi, anapsa ndi dzuwa, anapeza zinthu zenizeni, koma pamalo poti azinene wangokhala chete.

Mukatuma mwana kumsika waukulu uja m'tauni, pobwera sakuwerengeraninso zimene munamutuma. Amatula thumba n'kunena kuti usipa ndagula, tomato ndapeza wochepa, mafuta kunalibe. Mawu oyamba ndi kutuma. Mawu omaliza ndi kutula thumba.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Manambala ndi ongoyerekeza, musawalembe ngati zochitika. Tinene kuti mtsikana wina wophunzira za madzi ndi ukhondo wasankha dera limodzi muno mu Mzuzu, kumene anthu ena amatunga pazitsime madzi a m'mipope a Northern Region Water Board akakhala patali kapena akawakwerera mtengo. Funso lake n'lakuti: madzi amene anthu akumwa akuipira pati, pachitsime kapena m'nyumba? M'mwezi wa Seputembala watunga madzi pazitsime 10. Pa chitsime chilichonse watsatira mabanja atatu, ndiye kuti mabanja 30, n'kutunganso m'ndowa zimene amasungira madzi akumwa. Kulabu akufuna tizilombo ta E. coli, timene timasonyeza kuti chimbudzi chakhudza madziwo. Muyezo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi woti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilomboka ngakhale kamodzi.

Zotsatira zabwera chonchi. Zitsime 3 zili ndi tizilombo, 7 zilibe. Koma mwa mabanja 21 amene amatunga pazitsime zoyera zija, ndowa za mabanja 14 zapezeka ndi tizilombo.

Tsopano tamverani mmene ambiri angatsekere lipotilo. Angalembe kuti: "Madzi aukhondo ndi ofunika pa moyo wa munthu. Kafukufukuyu anali ndi cholinga chofufuza ukhondo wa madzi m'derali. Papezeka kuti pali mavuto osiyanasiyana, choncho boma ndi mabungwe achitepo kanthu."

Ndikufunseni, amayi inu mwakhala kutsogoloku: m'ziganizo zitatuzi, ndi chiti chimene mtsikanayu sakanatha kulemba asananyamule botolo ngakhale limodzi? Palibe. Zonse akanazilemba ali pabedi ku hositelo mu Malichi. Ndiye muyezo wake ndi umenewo, ndipo ngati muiwale zina zonse, uwu wokha mupite nawo. Tengani cholembera, werengani mawu anu omaliza chiganizo ndi chiganizo, ndipo pa chilichonse dzifunseni ngati mukanachidziwa musanapite kukafufuza. Ngati mukanachidziwa, chichotseni, kwawo ndi kumayambiriro. Chotsala ndiye phindu la ntchito yanu. Nthawi zina pamatsala mzere umodzi wokha. Musaope, yambirani pomwepo.

Mtsikana wathu ayambe ndi yankho la funso lake, asayambe ndi mbiri ya vuto. Alembe kuti: "M'derali, nthawi ya chilimwe, madzi ambiri akumwa akuipa atachoka kale pachitsime. Zitsime 7 mwa 10 zinalibe E. coli, koma mabanja awiri mwa atatu alionse otunga pazitsime zoyerazo anapezeka ndi tizilomboti m'ndowa." Taonani kuti sanabwereze matebulo onse a m'mutu wa zotsatira. Watengamo manambala awiri okha amene akunyamula yankho. Ena onse akhale kumene ali, wofuna adzabwerera kukawaona.

Akatero, anene chimene chasintha chifukwa cha yankholo, ndipo apa m'pamene pali nsonga. Kuwonjezera pa zimene anthu akudziwa si kunena kuti "ndine woyamba". Zoti madzi amaipira m'ndowa akatswiri anazipeza kale m'maiko ambiri, ndipo oyesa mayeso amazidziwa. Mtsikanayu akadzitama kuti watulukira chachilendo, amugwira pomwepo. Chake chenicheni n'chaching'ono koma n'cholimba. Wayeza chitsime ndi ndowa ya banja lotunga pa chitsime chomwecho, tsiku limodzi, ndiye akutha kuloza pamene vuto likulowera m'dera limeneli. Alembe kuti: "Kuyeza zitsime zokha kukanapereka chithunzi choti mabanja 21 mwa 30 akumwa madzi abwino, pamene m'ndowa mwaoneka kuti mwa mabanja amenewo ndi 7 okha. Choncho amene amayang'anira ukhondo wa madzi m'derali sangadalire zotsatira za pachitsime zokha." Chiganizo chimenechi alangizi a zaumoyo angachigwiritse ntchito Lolemba lomweli. Ndi mmene mungadziwire kuti mwanena phindu lenileni: mukhoza kutchula munthu wa udindo wakutiwakuti ndi chimene achite mosiyana atawerenga.

Tibwere ku malire, kumene ndikufuna tikhalitseko pang'ono. Pafupifupi aliyense amalemba kuti nthawi inachepa ndipo ndalama sizinakwane. N'zoona, tonse tikudziwa mtengo wa kabaza ndi wa zipangizo zakulabu. Koma limenelo ndi dandaulo lanu, wowerenga silimuthandiza. Iye akufuna kudziwa kuti pa zimene mwanena, akhulupirire mpaka pati. Ndiye malire alionse akhale ndi mbali ziwiri: chimene simunachite, ndi mmene chikukhotetsera yankho lanu, kaya chikulikweza kapena chikulitsitsa.

Mtsikanayu anatunga mu Seputembala. Inu a mu Mzuzu mukudziwa mmene mvula imagwera kuno, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, pena kupitirira, ndi mmene madzi amasefukira m'madambo mmene anthu anamangamo, zimbudzi zili pafupi ndi zitsime. Mvula imakokolera zonyansa m'zitsime zosatetezedwa. Ndiye asangolemba kuti "kafukufukuyu anachitika nyengo imodzi". Alembe kuti: "Madzi anatungidwa m'chilimwe, pamene zitsime zimakhala zoyererako. Zotsatirazi sizikutanthauza kuti zitsime 7 zija n'zabwino chaka chonse. M'dzinja chiwerengero cha zitsime zoipa chikhoza kukwera." Mwaona? Malirewo ateteza anthu. Popanda chiganizo chimenecho, wina awerenga n'kukauza mudzi kuti zitsime zilibe vuto, Febuluwale n'kufika. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, ndi mmene anavutitsira anzathu ku Nkhata Bay. Lipoti la madzi si pepala wamba.

Malire achiwiri akukokera mbali ina. Mabanja anauzidwiratu za tsiku lobwera, poti munthu sungalowe m'nyumba ya eni popanda chilolezo. Mayi aliyense akamva kuti kukubwera alendo odzaona madzi, amatsuka ndowa, mwina n'kuthiramo kulorini. Ndiye 14 uja mwina wachepa, zenizeni zikhoza kuposa pamenepo. Malire amenewa sakugwetsa yankho, akulilimbitsa, ndipo mtsikanayu anene choncho poyera. Ambiri saganiza kuti malire angakhale kumbali yawo, amangowalemba ngati kupepesa.

Achitatu ndi amene amagwetsa anthu pamaso pa oyesa mayeso. Iye anayeza madzi, sanaonerere mmene anthu amatungira m'ndowa. Mwina ndi kapu imene amamwera n'kuibwezeramo, mwina ndi manja a ana, mwina chivundikiro palibe, mwinanso ndi chigubu chotungira. Sakudziwa. Ndiye asalembe kuti makapu ndiwo akuipitsa madzi, ngakhale mumtima akukhulupirira choncho. Anene kuti kafukufukuyu waonetsa pamene madzi akuipira koma sanaonetse chowaipitsa. Sanawerengenso odwala, ndiye mawu oti "izi zikuchititsa matenda otsekula m'mimba m'derali" alibe pogwira. Ndiponso zitsime 10 za dera limodzi si Mzuzu yense. Mawu oti "m'derali" asasanduke "mumzinda muno" pofika tsamba lomaliza. Zimachitika mwakachetechete, ndiye kawerengeni mwachidwi.

Malire akalembedwa motere, zoyenera kufufuza m'tsogolo zimatuluka zokha. Si zonena kuti "pakufunika kafukufuku wina". Nenani wake: kubwerera pazitsime zomwezo mu Febuluwale, ndi kukhala m'nyumba zingapo kuonerera katungidwe ka m'ndowa. Malangizonso atuluke m'zimene mwapeza. Mtsikanayu angalangize kuti poyeza madzi aziyezanso a m'ndowa. Sangalangize zokumba mijigo yatsopano, poti sanafufuze zimenezo.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Eya, achimwene.

Akufunsa kuti, aphunzitsi oyang'anira kafukufuku amafuna kuti zolinga zitchulidwenso m'mutu womaliza, nanga kumeneko si kubwereza? Funso labwino. Tsatirani zimene dipatimenti yanu ikufuna, musakangane nawo. Koma cholinga chilichonse chitchuleni ndi mawu ochepa, chili chomangirira ku yankho lake m'chiganizo chomwecho. M'malo mokopera ndime yonse ya m'mutu woyamba, lembani kuti: "Pa funso loti madzi akuipira pati, yankho n'lakuti m'nyumba koposa pachitsime." Cholinga chaoneka, aphunzitsi akhutira, ndipo wowerenga walandira chatsopano. Ngati cholinga china sichinayankhidwe, tinene kuti munafuna kuyezanso madzi a m'mipope koma masiku amenewo sanatuluke, musachibise poganiza kuti saona. Amawerenga zolinga zija n'kumachonga chimodzichimodzi. Lembani kuti cholinga chachitatu sichinayankhidwe, chifukwa chake ndi ichi, choncho lipotili silikunena kanthu za madzi a m'mipope.

Amayi apo akufunsa za kutalika. Pa kafukufuku wa digiri yoyamba, tsamba limodzi kapena awiri amakwana. Pa lipoti la komiti, ndime zitatu. Mukaona zikupitirira, kawirikawiri ndiye kuti mwayamba kulowetsa zatsopano, buku limene simunalitchule m'mbuyo kapena nambala imene mulibe m'mutu wa zotsatira. Zimenezo zibwezereni kumalo kwake, kapena zichotseni.

Amene mwabwera ndi malipoti anu, atulutseni. Tikhale awiriawiri, musinthane, aliyense atsegule tsamba lomaliza la mnzake ndi kudula mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene chikanalembedwa kafukufuku asanayambe. Ndidutsa m'mabenchimo kuona zotsala.